Mwini wa tchati mumamupeza bwanji?

"Ndili ndi tchati changa cha kubadwa, koma pulaneti yomwe amati ndi mwini wa tchati ndingaidziwe bwanji?"

Yambani ndi nthawi yeniyeni yomwe munabadwa, chifukwa tchatichi chimasonyeza pomwe mapulaneti ndi zizindikiro 12 za nyenyezi zinali pa nthawiyo. Chizindikiro chotuluka kum'mawa, cholembedwa ASC kumanzere kwa tchati, chimasintha pafupifupi maola awiri aliwonse. ASC ikakhala pa digiri 1 kapena 29 mwa madigiri 30 a chizindikirocho, kuphonya ndi mphindi zochepa chabe kungakupatseni mwini wolakwika.

Kenako onani pulaneti yolamulira chizindikirocho, chifukwa imeneyo ndiye mwini wa tchati. Wolamulira Aries ndi Mars, wa Taurus komanso Libra ndi Venus, wa Gemini komanso Virgo ndi Mercury, wa Cancer ndi Mwezi, wa Leo ndi Dzuwa, wa Sagittarius ndi Jupiter, wa Capricorn ndi Saturn. Pa Scorpio, Aquarius ndi Pisces akale amati Mars, Saturn ndi Jupiter, pomwe amakono amati Pluto, Uranus ndi Neptune. Ine ndimayamba ndi akale, chifukwa zamakonozo zimayenda pang'onopang'ono moti anthu a msinkhu umodzi amakhala nazo m'chizindikiro chimodzi.

Tsopano ifunefuneni pulanetiyo m'nyumba 12, zomwe ndi magawo a tchati oimira mbali za moyo, kuwerenga kuchokera pa ASC kutsika pansi, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Tinene kuti ASC yanu ndi Libra ndipo Venus ali mu Cancer. Nyumba iliyonse ikakhala chizindikiro chathunthu, Cancer ndi nyumba ya 10, ya ntchito ndi mbiri, choncho owerenga tchati amati mtima wanu umakokera kumeneko. Akanakhala mu Capricorn, nyumba ya 4, nkhani ikanakhala ya pakhomo ndi makolo. Mukasintha kawerengedwe kupita ku Placidus, njira ina yogawira nyumbazi, Venus yemweyo angasamukire nyumba yoyandikana nayo, ndiye sankhani njira imodzi.