Kope la ngongole likalowa mufoni: zoyenera kukhala mu pulogalamu ya wamalonda wamng'ono

Pa okala kapena golosale iliyonse pamakhala kope lamakutu opindika, lothimbirira ndi mafuta ophikira, momwe mumalembedwa anthu otenga katundu pangongole. Achinyamata ofuna kupangira amalonda pulogalamu ya pafoni ayambire pa kope limeneli, chifukwa mpamba wambiri umathera momwemo. Zowerengera katundu yense wa m'shopu zibwere pambuyo. Mayi amene akugulitsa yekha, mwana ali kumsana, sangalembe bokosi lililonse la machesi limene latuluka, koma ngongole amalemba ndithu.

Muyeso woyamba ndi liwiro. Kulemba "aPhiri, shuga 2" ndi cholembera sikutenga nthawi, ndiye ngati pafoni pakufunika kutsegula masamba anayi, kasitomala wina akudikira pawindo, foniyo ibwerera m'thumba tsiku lomwelo. Kulemba ngongole kuthe ndi kudina katatu: dzina, katundu, kuchuluka. Tsiku ndi mtengo zilowe zokha. Pulogalamuyo igwire ntchito popanda intaneti, ndipo ikhale yopepuka, poti mafoni ambiri a pamsika ndi a itel ndi Tecno otsika mtengo, odzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp.

Mayina nawo ali ndi msampha wake. M'kope anthu salembedwa monga zilili pa chiphaso cha unzika. Mumakhala "amake Chisomo", "aPhiri a kuchigayo", "aPhiri aphunzitsi". Musakakamize dzina loyamba, la bambo ndi nambala ya foni. Siyani mpata woti wamalonda alembe momwe amamuitanira munthuyo, ndipo akalemba "aPhiri" pulogalamu ionetse onse a dzinali kuti asankhe. Pakhalenso polemba amene wabwera kudzatenga. Mikangano yambiri ya pamapeto pa mwezi imayambira apa: mwana anatumidwa sopo, kholo laiwala, kapena mwanayo anadzituma yekha. Mzere wonena kuti "pa 12, sopo 1, anatenga ndi Chisomo" umathetsa nkhani msanga, ubale osawonongeka.

Chimene kope silingathe, ndipo n'chimene chingachititse munthu kusiya pepala, ndi kuonetsa phindu limene ngongole yadya. Tiyeni titenge chitsanzo, mitengoyi ndi yongoyerekeza. Wamalonda waoda shuga pa K2,700 paketi, akugulitsa K3,000. Pa 5 aPhiri atenga mapaketi awiri, K6,000. Pa 12 sopo wa K1,500, pa 19 mafuta a K2,000. Zonse pamodzi K9,500. Pofika pa 28, shuga kooda wakwera kufika K3,200. APhiri akabweza K6,000 ya shuga ija, wamalonda akufunika K6,400 kuti abwezeretse mapaketi awiri omwewo pashelefu. M'kope zikuoneka ngati wapindula K600, chonsecho watapa K400 ku mpamba. Amene ankachita malonda mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kupweteka kwake: ngongole zinabwezedwa, koma mashelefu sanadzadzenso.

Choncho pulogalamu isasunge ndalama zokha. Pa mzere uliwonse isunge katundu, kuchuluka kwake, mtengo wogulitsira ndi mtengo woodera wa tsikulo. Wamalonda akasintha mtengo woodera, aone pomwepo ngongole zimene zayamba kudya mpamba. Isasinthe yokha ngongole ya kasitomala ayi, imeneyo ndi nkhani yoti anthu awiri agwirizane pamaso. Ntchito yake ndi kuthandiza mwini malonda kuona kuti shuga ndi mafuta si zokongoza mwezi wathunthu, mwina sabata imodzi basi.

Ngongole sibwezedwa kamodzi. APhiri atumiza K4,000 pa Airtel Money, yotsala K5,500. M'kope anthu amakhwatcha 9,500 n'kulemba 5,500 pamwamba, ndipo pakatha miyezi iwiri palibe akudziwa kuti inalowa liti, kudzera kuti. Mu pulogalamu kubweza kukhale mzere wakewake, wonena tsiku, ndalama, ndiponso ngati ndi pamanja, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Mzere wolakwika usamafufutike. Uzingodulidwa ndi kamzere n'kumaonekabe, wolondola n'kulembedwa pansi pake. Izi n'zofunika kwambiri pamene pashopu pamatsala mnyamata wantchito kapena wachibale, chifukwa ngongole yotheka kuifufuta mwakachetechete ndi khomo lotsegula.

Opanga ambiri amafuna kuti pulogalamu iziwerenga yokha mauthenga a ndalama olowa mufoni. Dziwani kuti kuyambira 2019 malamulo a Google Play salola mapulogalamu wamba kuwerenga mauthenga a SMS, kupatula ochepa ololedwa mwapadera. Komanso akathyali amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni. Njira yabwino ndi yoti wamalonda ayambe waona ndalama zotsala pa *211# ngati ndi Airtel Money, kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, kenako alembe yekha kuti zalowa.

Pokumbutsa wangongole, uthenga wa SMS ndiwo umafika kwa aliyense, ngakhale wa foni yamabatani. Pulogalamu ikonze mawu, koma wotumiza akhale mwini wake atawerenga, poti iye ndiye akudziwa kuti kwa aPhiri kwagwa maliro sabata ino. Mawu akhale aulemu ndi achindunji: "Bambo Phiri, zikomo talandira K4,000. Yotsala ndi K5,500. Mudzatipeze pa 30." Pali kanthu kena kobisika kamene kamadya mayunitsi. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo cha ŵ kapena kachithunzi kankhope yomwetulira, malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umodzi umalipitsidwa ngati iwiri kapena itatu. Lembani w wamba.

Dzina limodzi lisasowe m'ndandanda wa angongole: "Pakhomo". Mchere wotapa wa kukhitchini, K500 ya mwana popita kusukulu, mayunitsi a bambo, zonsezi zilembedwe pamenepo ngati ngongole ina iliyonse. Ambiri akaona chiwerengero cha pamapeto pa mwezi amapeza kuti wangongole wamkulu amagona m'nyumba momwemo.

Tsopano zoopsa za foni, zimene kope lilibe. Magetsi akazima nthawi yaitali batire n'kutheratu, kapena batire ikachotsedwa, mafoni ena amabwerera pa deti lakalekale. Chizindikiro chake n'chakuti ngongole ya lero ikuoneka ngati yakale kuposa za mwezi watha. Pulogalamu iziyerekeza deti la foni ndi la mzere womaliza, ndipo ikaona kuti labwerera m'mbuyo ichenjeze isanalembe kanthu. Foni imabedwanso, imagwera m'madzi, kapena wokonza mafoni amaipukuta yonse. Pakhale batani limodzi lotulutsa ngongole zonse mu fayilo yaing'ono, yoti Loweruka lililonse itumizidwe pa WhatsApp kwa munthu mmodzi wodalirika. Ikani nambala yachinsinsi potsegula pulogalamu, chifukwa foni ya pashopu imagwiridwa ndi ana, ndipo ngongole ya munthu si yoti mudzi wonse uidziwe.

Kwa wamalonda amene akufuna kuyesa, musataye kope tsiku loyamba. Lowetsani mufoni ndalama zotsala za munthu aliyense, osati mbiri yonse ya chaka, ndipo kwa mwezi umodzi muzilemba mbali zonse ziwiri. Madzulo aliwonse sankhani anthu atatu n'kuyerekeza za m'kope ndi za mufoni. Zikasiyana, kawirikawiri mupeza kuti ndi ngongole imene inaperekedwa foni ili kotchajitsa, choncho pakauntala pazikhala kapepala kolembapo za nthawi imeneyo, kuti zilowe foni ikangobwera.