Momwe mungawerengere mawati a swichi ya PoE kuti makamera ndi mafoni asamazime okha

Pali vuto lomwe limasokoneza anthu ambiri m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu omwe ali ndi makamera a chitetezo. Masana zonse zimayenda bwino, koma kukangoda kamera imodzi imayamba kuzima n'kuyakanso, kapena foni ya pa desiki imayambiranso yokha. Mwini malo amathamangira kukagula kamera ina, koma vutolo silitha. Nthawi zambiri chipangizo chomwe chikuzimacho sichinalakwe chilichonse. Swichi ya netiweki, kabokosi komwe mawaya a zipangizo zonsezi amakumanako, ndiyo ikuchimana magetsi chifukwa mawati ake atha.

PoE ndi njira yotumizira magetsi ndi deta pa waya mmodzi wa netiweki, moti kamera kapena foni safuna soketi yakeyake. Magetsiwo amachokera ku swichi, ndipo swichi iliyonse ili ndi malire awiri. Oyamba ndi a poti imodzi, kabowo kolowetsamo waya: muyezo wa 802.3af wa mu 2003 umapereka mawati 15.4 pa poti, 802.3at wa mu 2009, womwe pa bokosi amaulemba PoE+, umapereka 30, ndipo 802.3bt wa mu 2018 umafika pa 60 kapena 90. Malire achiwiri, omwe ogulitsa ambiri sawatchula n'komwe, ndi a swichi yonse. Swichi ya mapoti 8 ikhoza kulembedwa kuti poti iliyonse imatha kupereka mawati 30, koma yonse pamodzi n'kukhala ndi 60 okha. Imeneyi ndiyo bajeti yanu.

Choyamba, pezani bajetiyo

Yang'anani pa bokosi, pa chikalata cha swichi kapena pa tsamba la wopanga. Mawu ake amakhala PoE budget kapena Total PoE power. Musatenge nambala ya pa adaputala, chifukwa gawo lina la magetsi amenewo swichi imagwiritsa ntchito yokha. Ngati swichi yanu ndi yoti mumalowamo pa kompyuta, tsamba la PoE limaonetsa zonse. Pa maswichi a Cisco lembani:

```
show power inline
```

Pamwamba muona Available, Used ndi Remaining, ndipo m'munsi muli poti iliyonse ndi mawati ake.

Chachiwiri, lembani zomwe chipangizo chilichonse chimadya chikafika pachimake

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kamera siidya mofanana usana ndi usiku. Kuwala kukachepa imayatsa tinyali take toonera mumdima, tomwe pa bokosi amati IR, ndipo kudya kwake kumatha kuwirikiza kawiri. Kamera yozungulira imadya kwambiri pomwe mota yake ikuyenda. Foni nayo imakweza pang'ono ikamalira kapena sipika ikatsegulidwa. Choncho nambala yofunika ndi yomwe yalembedwa kuti Max power consumption, osati yomwe mukuona masana.

Tiyerekeze ofesi yomwe ili ndi swichi ija ya mapoti 8 ndi mawati 60. Pali makamera asanu, mafoni awiri ndi kachipangizo kamodzi ka wayifayi ka kudenga. Masana kamera iliyonse ikudya mawati 5, foni 4, ka wayifayi 12. Zonse pamodzi ndi 45, ndipo woika uja amanyamuka masana omwewo ali wokhutira. Cha m'ma 6 koloko madzulo tinyali tija tayaka, kamera iliyonse yakwera kufika pa 11. Makamera okha atenga 55, ndipo kuphatikiza zinazo tafika pa 75.

Swichi ikaona kuti yapyola malire, imadziteteza podula poti imodzi kapena ziwiri. Siisankha chomwe chadya kwambiri ayi, imasankha chomwe chili m'munsi pa mndandanda wake, ndipo pa maswichi ambiri otchipa poti ya nambala yaikulu ndiyo imayamba kudulidwa. Ngati pa poti 8 pali foni ya ku risepushoni, foniyo ndiyo imazima ngakhale olakwa ndi makamera. Ikadulidwa poti, katundu amapepuka, swichi imayesanso kuipatsa magetsi, chipangizo chimayaka, malire apyoledwanso, yadulanso. Ndiko kuzimazima komwe mumaona, ndipo kumatha kokha kukacha. Chondiwawa ine n'chakuti makamera amaikidwa makamaka chifukwa cha usiku, ndiye kanema amadukaduka pa nthawi yomwe akufunika kwambiri.

Maswichi ena sadikira kuti zifike pamenepo. Amasungira chipangizo chilichonse mawati malinga ndi kalasi yomwe chadzitchula pomwe chikulumikizidwa: kalasi 1 mawati 4, kalasi 2 mawati 7, kalasi 0 ndi 3 mawati 15.4, kalasi 4 mawati 30. Pa swichi yotere kamera yodya 5 ikhoza kusungiridwa 15.4, ndipo chizindikiro chake n'chosiyana: chipangizo chomaliza kulumikiza sichiyaka n'komwe. Magetsi a ESCOM akathima n'kubwera, chomwe chidzatsale kunja chikhoza kukhala china, malinga ndi chomwe chayamba kupempha.

Chachitatu, tsimikizani musanagule kanthu

Dikirani madzulo vuto likayamba, muzule makamera awiri omwe sakuvuta. Chipangizo chovuta chija chikakhazikika, ndiye kuti ndi bajeti. Ngati simungadikire, lowani m'makamera muwaike onse pa Night masana omwewo, vuto lionekera pompo. Maswichi ambiri ang'onoang'ono alinso ndi kanyali kolembedwa PoE Max komwe kamayaka kapena kuphethira mawati akatsala pang'ono.

Zinthu ziwiri zimanamizira vutoli. Ngati zipangizo zonse zikuzima limodzi, ndi tinyali ta swichi tomwe, yang'anani adaputala, invetala kapena batire yomwe ikudyetsa swichiyo. Ngati ikuzima ndi kamera imodzi yakutali, ngakhale mutazula zinzake, kayikirani waya. Malire ake ndi mamita 100, ndipo waya wotchipa wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa kopa pamwamba, amataya magetsi ambiri m'njira. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni. Mukaona zoyera m'kati, ndi yemweyo, ndipo kusintha swichi sikuthandiza.

Chachinayi, werengerani swichi yoyenera

Mu ofesi yathu ija, zikalata zikuti kamera imafika pa mawati 12, foni pa 6, ka wayifayi pa 13. Ndiye 60 kuphatikiza 12 kuphatikiza 13, zikukwana 85. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha zotayika mu waya, mufika pa 102. Kuwerengera ndi makalasi, foni iliyonse pa 7 ndipo chilichonse mwa zinazo pa 15.4, kukupatsani 106.4, pafupifupi chimodzimodzi. Swichi ya mawati 120 ndiyo yoyenera, ndipo ngati mukuganiza zoonjezera makamera chaka chamawa, pitirirani pamenepo. Kumbukiraninso kuti batire yomwe inkakwana swichi yakale itha msanga tsopano.

Ndalama ya swichi yatsopano ikasowa, gulani mainjekita a PoE, tizipangizo tomwe timalowa pakati pa swichi ndi kamera n'kupereka magetsi kuchokera pa soketi. Mu chitsanzo chathu makamera awiri akachoka pa bajeti, usiku mutsala pa 53, zomwe zikukwana koma mothina. Atatu ndiye mupuma bwino. Onetsetsani kuti injekitayo yalembedwa 802.3af kapena 802.3at, chifukwa pali ena a 24V olembedwa Passive omwe amangotumiza magetsi osafunsa, ndipo sagwirizana ndi makamera wamba.

Pomwe mukusakasaka ndalamazo, sankhani nokha chomwe chizidulidwa. Pa swichi yolowamo, pitani pa Priority muike kamera ya pa geti ndi foni yofunika pa Critical kapena High, zina zonse pa Low. Pa swichi yopanda zimenezi, werengani kabuku kake kuti mudziwe poti yomwe imatetezedwa koyamba, kawirikawiri ndi poti 1, ndipo sunthirani kamera ya pa geti pamenepo lero lomwe kusanade.