Zoti mukonze mufoni musanajambule vidiyo ya ukwati

"Ndikajambula ukwati wa achemwali ku Nchalo pafoni, ndisinthe chani ndisanayambe?"

Achimwene, choyamba funsani eni ukwati kuti adzaonera pati. Ngati ndi pa TV kunyumba foni muigoneke chammbali, ndiye 16:9 imeneyo, koma ngati ndi ya pa sitetasi ya WhatsApp muiimike, 9:16. Musasinthe pakati, mukajambula choimika nkukaika pa TV mbali zonse ziwiri kumatsala mdima, anthu nkumaoneka kakang'ono pakati.

Kenako lowani mu kamera musankhe 1080p, ndiye kuti 1920x1080. Za 4K zisiyeni ndithu, madontho ake ndi ochuluka kanayi ndiye memore imadzadza msanga, komanso ndi kutentha kwathu kuchigwa kuno foni imapsa mmanja nkuima yokha perekaniperekani ali mkati.

Mafulemu, ndiye kuti zithunzi zomwe kamera imatola motsatizana kupanga vidiyo, ikani 25 pa sekondi ngati foni ikulola, chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye kuti mphamvu yake imasinthasintha ka 50 pa sekondi, mukaika 30 muholo yoyatsa mababu nthawi zina chithunzi chimaphethira kapena kuoneka mizere ikuyenda. Yesani dzulo lake, jambulani masekondi 10 pansi pa babu muone. Panja padzuwa 30 ilibe vuto, bola mnzanu wothandiza kujambula aikenso chimodzimodzi kuti polumikiza zisadzadumphedumphe.