Ndalama za kumudzi muziike pa nambala yapadera

Ine ndimalandira K420,000 pa mwezi, ndipo ya achibale ndi K40,000 basi. Tsiku lomwe malipiro alowa ndimaitumiza ku nambala yanga yachiwiri ya Airtel Money, yomwe sindiguliramo kanthu kalikonse. Ikatha, yatha. Lendi ya nyumba ku Matawale siikhudzidwa.

Pa K40,000 imeneyo, K25,000 imapita kwa amayi ku Jali pa 1 mwezi uliwonse, asanapemphe n'komwe. Apa ndi pamene zinthu zinasinthira, chifukwa amayi amadziwa tsiku ndi kuchuluka kwake, ndiye amagawa okha ya sopo, ya mchere ndi ya kuchigayo. Ma "please call me" a pakati pa mwezi anachepa. K15,000 yotsalayo imangounjikana kudikira matenda, maliro ndi feteleza wa mu Novembala. Ndikapanda kuigwira miyezi isanu ndi umodzi imafika K90,000, ndipo pa maliro a azakhali sindinapite kukatapila.

Fizi ya mphwanga ndimalipira ndekha kusukulu, lisiti n'kusunga. Ndinaphunzira mowawa: chaka china ndinapatsira wachibale ndalamazo m'manja, mwana n'kubwezedwa sabata yachitatu ya teremu.

Chovuta ndi pakamwa. Musamati "ndiona", chifukwa kumudzi mawu amenewo amamveka ngati lonjezo, anthu n'kukakongola ufa akudalira inu. Ine ndimati, "Malume, ya mwezi uno yatha, ndikulembani ya mwezi wamawa, ndipo ndi K10,000." Amang'ung'udza ndithu, koma amaimbanso pa 1.