Momwe mungapezere ganizo la bizinesi pa zomwe muli nazo kale

Tengani pepala mulembe mizere itatu yotsika. Woyamba ndi wa zomwe manja anu amadziwa, wachiwiri zomwe mumachita popanda wokulipirani, wachitatu anthu omwe mukawaimbira foni amayankha. Zinthu zisanu pa mzere uliwonse zakwana, chifukwa mukamatenga chimodzi chimodzi n'kuphatikiza, mupeza njira 125. Zambiri zidzakhala zoseketsa, osadandaula.

Ine ndine telala pa Bangula. Mzere woyamba unali wosavuta: kusoka, kudula patani, kukonza mashini. Pa wachiwiri ndinachita manyazi kulemba kuwedza, poti ndimangopita ndi anzanga ku Elephant Marsh Loweruka, koma ndinalembabe. Musasefe kalikonse apa. Kaya ndi bawo, nkhunda kapena kwaya, lembani.

Mzere wachitatu ndi umene unandigwetsa, ndiye ndikhalitsapo. Poyamba ndinalemba anthu olemekezeka okhaokha: aphunzitsi aakulu, abusa, wachibale wa mu ofesi ku Blantyre. Aphunzitsiwo atamva zoti ndikufuna kusoka zikwama za ana asukulu anati, “Sokani, makolo agula.” Ndinakongola ndalama ku banki mkhonde n'kusoka makumi atatu. Zinagulidwa zinayi. Makolo ankapeza za kaunjika zotchipa, ndipo chiwongoladzanja sichinadikire. Sanandinamize dala bambowo, koma kuvomereza sikunawadyere ndalama iliyonse, ndipo ine ndinawerenga mawu awo ngati oda.

Ndiye dzina lokha si kanthu. Pambali pa munthu aliyense lembani zinthu ziwiri: chimene amataya, ndi chimene amadandaula nacho kawirikawiri. Ngati simungathe kulemba ngakhale chimodzi, mufufuteni, kaya akhale wotchuka bwanji. Nditabwereza motere, abusa anachoka, m'malo mwawo munalowa alamu anga oyendetsa lole ku Nchalo. Iwo amataya matenti ofundira katundu akang'ambika pakati, pomwe m'mbali mukadali molimba. Munalowanso anzanga asodzi, omwe dandaulo lawo ndinkalimva sabata iliyonse m'bwato: foni kunyowa, ndalama kunyowa, majumbo kubooka.

Tsopano phatikizani. Tsekani maso, lozani chimodzi pa mzere uliwonse, n'kudzikakamiza kunena chiganizo chakuti “ndingagulitse chakuti kwa akuti”. Kusoka, kuwedza ndi tenti ya alamu zinandipatsa tizikwama tokoleka m'khosi tosalowa madzi. Ganizo limeneli telala wosakwera bwato sangalipeze, ndipo msodzi alibe mashini. Ndicho chizindikiro chomwe ndimayang'ana. Ngati mnansi wanu angayambe zomwezo mawa m'mawa, monga kugulitsa mafilizesi a malambe kapena kutchaja mafoni, ndiye kuti simunaphatikize kanthu, mwangotengera.

Apa ndichenjeze za matenti. Ya alamu itatha ndinagula ina kwa mnyamata wina pa msika, yooneka bwino, mtengo wotsika mokayikitsa. Inali itapsa ndi dzuwa lathu lino. Pindani kona mwamphamvu musanalipire: ikayera kapena kuthetheka popindapo, isiyeni, idzang'ambika motsatira msoko. Komanso funsani kumene yachokera. Kuyambira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 pamayenda matenti a chithandizo, ndipo ine okhala ndi zilembo za mabungwe sindiwakhudza. Posoka gwiritsani singano yaikulu, nambala 18, ulusi wa nayiloni, ndipo msoko ukhale wotalikirana, apo ayi mabowo a singano amadula tenti ngati lezala.

Mukasankha maganizo awiri kapena atatu, yesani ndi ndalama zoti zikatayika mugonabe tulo. Ine ndinasoka zisanu basi. Sindinapereke chaulere ngakhale kwa mnzanga wa m'bwato limodzi, chifukwa chaulere aliyense amachiyamikira. Atatu analipira pomwepo, mmodzi anabweza patatha masiku awiri kuti madzi akulowera pa zipi. Ndinachotsa zipi n'kupanga kukamwa kopinda katatu komanga ndi lamba, mtengo wopangira unatsikanso.

Zotsalazo mukuzidziwa. Werengerani nsalu, ulusi, thiransipoti ndi nthawi yanu musanatchule mtengo. Kugulitsa pa ngongole ayi, tengani theka pa Mpamba kapena Airtel Money musanadule. Kumbukirani kuti kuno ndalama imayenda ndi nyengo, thonje likagulidwa ndi kutha kwa mwezi ku Nchalo. Pepala lija musalitaye. Langa ndinalitulutsanso mwezi watha wakabaza wina atadandaula kuti chishalo chikuwotcha makasitomala masana, ndipo panopa ndikuyesa zovindikira ziwiri.