Kapepala ka zithunzi ka odwala BP

"Odwala BP athu ambiri sadziwa kuwerenga. Kapepala kowapatsa potuluka tikakonze bwanji?"

Yambani ndi mankhwala. Jambulani dzuwa likutuluka, pambali pake piritsi limodzi, ngati ndi la m'mawa. Mujambule piritsi lenilenilo, mtundu ndi kukula kwake, chifukwa wodwala amazindikira maonekedwe ake kuposa dzina ngati amlodipine. Pansi lembani kuti: "Imwani tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino." Apa ndi pomwe ambiri amalakwa, poti BP nthawi zambiri sipweteka.

Kenako supuni ya mchere yothethedwa.

Chachitatu, zizindikiro zoopsa mu bokosi lofiira: kukhota pakamwa, dzanja lofooka, kupweteka pachifuwa, ndipo muvi uloze chipatala.

Pomaliza kalendala, tsiku lobweranso mulizinge ndi cholembera. Asanachoke, wodwalayo akufotokozereni yekha chithunzi chilichonse. Chomwe wachimva molakwika mujambulenso.