Momwe mungadulire lipoti la sisitimu yakale kuti likhale m'makolamu

Masisitimu akale aja a sitoko kapena malipiro akatulutsa lipoti amangokupatsani fayilo ya .txt, mulibe makoma mulibe chani, chilichonse chimangokhala ndi malo ake owerengeka pa mzere. Taonani iyi:

```
004512SHUGA WA 1KG        03/04/2024  15000.00
000078MAFUTA OPHIKIRA 2L  11/04/2024    750.50-
```

Ambiri amathamangira kudula pa masipesi, ndiye SHUGA WA 1KG amagawika patatu, nambala ya katundu n'kumatirira ku dzina poti pakati pake palibe mpata. Apa timadula powerenga zilembo basi.

Yambani mwaitsegula mu Notepad, zilembo zikhale za Courier New kuti mizere iwongoke, muwerenge. Pano nambala ya katundu yatenga malo 6, dzina 20, deti 10, otsalawo ndi ndalama. Ndiye tidula pa 6, pa 26 ndi pa 36.

Mu Excel pitani File > Open, sankhani fayiloyo, pabwera Text Import Wizard. Dinani Fixed width, ndipo ngati pamwamba pali mutu wa lipoti lembani mzere woyambira pa Start import at row. Tsamba lachiwiri Excel imaika yokha timizere todulira mongoganizira, musaikhulupirire ayi. Kudina kamodzi kumaika kamzere, kawiri kumachotsa, kukoka kumasuntha. Tsikani mpaka mmunsi muone dzina lalitali kwambiri ndi ndalama yaikulu kwambiri, chifukwa ndalama zimatsamira kumanja, mukadula poyang'ana 750.50 yokha ndiye 15000.00 idzaduka mutu n'kutsala 000.00, manambala enawo apita ku kolamu ya deti.

Tsamba lachitatu ndi pomwe anthu amalira, ine ndinalirapo. Kolamu yoyamba ipangeni Text, mukaisiya pa General 000078 isanduka 78 ndipo sidzagwirizananso ndi ya m'sisitimu yatsopano. Ya deti sankhani Date kenako DMY, apo ayi kompyuta yotcheredwa mwachimereka iwerenga 03/04/2024 ngati 4 Malichi pomwe ndi 3 Epulo, osakuchenjezani n'komwe. Ka - kali kumapeto kwa 750.50 kakutanthauza kuti ndi yochotsera, lowani Advanced muonetsetse kuti Trailing minus for negative numbers yachongedwa.

Mukadina Finish chotsani mitu ija imabwerezedwa tsamba lililonse ndi mizere ya matotala apakati, Filter imathandiza. Kenako phatikizani kolamu ya ndalama ndi SUM mufananize ndi totala ya pansi pa lipoti lakale, zikasiyana olo ndi tambala imodzi pali mzere wadulidwa molakwika kapena totala yapakati yatsalira.

Zikagwirizana pangani Save As, musankhe CSV. Pofuna kuiona itseguleni mu Notepad, mzere wachiwiri uyambe ndi 000078 kenako chizindikiro cha koma. Mukaidina kawiri kuti itseguke mu Excel n'kusevanso, maziro aja apitanso.